Stika ya gulu lanu isamatuluke ndi bokosi loyera kumbuyo

Kugulu lina la banki m'khonde lomwe ndimayendera, amayi asungichuma anatopa ndi kulemba "ndalandira" munthu aliyense akatumiza masheya ake pafoni, anthu 25 Lachisanu lililonse, chala mpaka kuwawa. Ndiye mwana wawo anati amayi dikirani ndikupangireni stika ya pa WhatsApp muzingodina basi. Anajambula chizindikiro cha gulu chomwe chili pa matisheti awo, kankhokwe ndi chimanga chiwiri, n'kulembapo mawu. Itatuluka pa gulupu inali chibokosi choyera mbee, kankhokwe kali mkatikati ngati nyerere, mawu osawerengeka, ndipo kwa amene foni zawo anazitchera zakuda usiku chibokosicho chimathobwa m'maso. Tinakonza limodzi tsiku la msonkhano, ndiye ndati ndilembe momwe tinachitira poti magulu ambiri akugwa pamalo omwewa.

Vuto lenileni linali mtundu wa fayilo. Chithunzi chojambula ndi kamera ya foni nthawi zambiri chimakhala JPG, ndipo JPG siyidziwa zoti malo ena angakhale opanda kanthu, kadontho kalikonse ka chithunzi kayenera kukhala ndi mtundu wake, ndiye olo mufufute kumbuyo konse bwinobwino mukangosunga ngati JPG pomwe munafufutapo pamadzaza zoyera kapena zakuda. PNG ndi WebP ndi zomwe zimasunga kumbuyo koonekera, chifukwa pa kadontho kalikonse zimalembanso kuti kaoneke ndithu, kaoneke pang'ono kapena kasaoneke n'komwe. Kusintha dzina lokha kuchoka pa `.jpg` kupita pa `.png` sikuthandiza ayi, kuli ngati kulemba "feteleza" pa thumba la mchenga.

Apa pali misampha iwiri yomwe ndimaiona pafupipafupi. Woyamba, munthu wakonza PNG yake yabwinobwino pa laputopu kenako akuitumiza kwa mnzake pa WhatsApp ngati chithunzi wamba. WhatsApp imachifinya chithunzicho n'kuchisandutsa JPG, kuonekera kuja kwathera panjira. Muzitumiza ngati `Document`, fayilo imafika momwe inalili. Sikirinishoti nayonso chimodzimodzi, imajambula zonse zomwe zili pagalasi la foni ndi kumbuyo komwe. Wachiwiri ndi zithunzi zodawuniloda pa intaneti zokhala ndi timabokosi totuwa ndi toyera kumbuyo ngati bolodi la drafuti. Timabokosi timeneti pulogalamu yokonzera zithunzi imationetsa pofuna kunena kuti apa palibe kanthu, koma zithunzi zambiri za pa intaneti timabokosito anachita kutijambulira momwemo, ndi mbali ya chithunzicho. Mukaika chithunzi pamwamba pa pepala lofiira mu pulogalamu timabokosi n'kumaonekabe, dziwani kuti n'chabodza, chisiyeni.

Tsopano kukula kwake. Stika ya WhatsApp ndi mapikiselo, timadontho tija ta chithunzi, 512 m'litali 512 m'lifupi, ya mbali zinayi zofanana, fayilo yake WebP yosapitirira 100 KB. Yoyendayenda ija imaloledwa mpaka 500 KB koma ine kugulu la kumudzi sindiilimbikitsa, netiweki ikavuta imachedwa kutseguka ndipo bandulo ya anthu siyochita kutola. Mwana uja analakwitsa apa: chithunzi chake chinali chachitali, tisheti yonse kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno, ndiye pochilowetsa mu 512 chonse chinachepa, nkhokwe n'kutsala kachinthu. Muyambe mwadula kaye zonse zosafunika, chinthu chenichenicho chidzaze bwalo, mungosiya mpata wa mapikiselo 16 kuzungulira kuti m'mphepete musadulidwe.

Ife tinachita chonchi. Tisheti tinaiyala pamkeka panja pamthunzi, osati padzuwa poti dzuwa limaika zithunzithunzi m'makwinya, tinaikoka kuti iwongoke n'kujambula foni itayang'ana pansi molunjika. Pa laputopu ya aphunzitsi ena tinatsegula Photopea, ndi yaulere ndipo imagwira mu bulawuza, tinapanga pepala latsopano la 512 ndi 512 ndipo pa `Background` tinasankha `Transparent`. Tinalowetsa chithunzi, ndi `Magic Wand` tinadina pansalu yobiriwira ya tisheti n'kufufuta. Apa m'pofunika kufatsa ndithu, chifukwa pakati pa mizati ya nkhokwe ndi pakati pa masamba a chimanga pamatsalira tizidutswa ta nsalu tomwe simungatione chithunzi chili chaching'ono, muyenera kukuza mpaka madontho aoneke n'kumachotsa kamodzikamodzi. Zinatitengera mphindi ngati 20 pamenepa pokha.

Mawu tinachotsa onse a pa tisheti, dzina la gulu, chaka, mwambi wawo, zonse, tinangolemba liwu limodzi lonenepa, NDALANDIRA, lodzaza m'lifupi monse pansi pa nkhokwe. Amayi apampando anadandaula kuti dzina la gulu lapita kuti, ndipo ndinawamvetsa poti dzinalo analivutikira, koma stika pafoni imaoneka yaing'ono ngati bokosi la machesi, mawu asanu kapena asanu ndi limodzi palibe angawerenge, makamaka agogo amene magalasi anawaiwala kunyumba. Nkhokwe ija ndiye dzina lawo, aliyense mugulumo amaidziwa.

Chomwe ambiri amaiwala ndi mzere woyera wozungulira. Mukachotsa kumbuyo, zilembo zanu zakuda zimakhala pamwamba pa chilichonse chomwe mwini foni anaika kumbuyo kwa macheza ake, wina ndi koyera, wina kwakuda, wina anaika chithunzi cha mwana wake. Zilembo zakuda pa foni yakuda zimasoweratu. Ndiye muike mzere woyera wonenepa mapikiselo 8 kuzungulira chinthu chonse ndi zilembo zomwe, mu Photopea ndi `Stroke` pansi pa `Layer Style`, ndipo a WhatsApp eni ake ndi zomwe amalangiza. 

Tinasunga ngati PNG, iyi ndiye mbewu yanu, muisunge pabwino. Za WebP musade nazo nkhawa kwambiri, ma apu opangira stika monga Sticker.ly amatenga PNG n'kuisandutsa okha. Amene muli ndi laputopu ndipo mumafuna kuchita nokha, ndi mzere umodzi wa pulogalamu ya cwebp, yomwe imasandutsa zithunzi kukhala WebP:

```
cwebp -q 80 ndalandira.png -o ndalandira.webp
```

Ikapitirira 100 KB mutsitse 80 uja afike 60. Chojambula cha mitundu yochepa ngati nkhokwe yathu sichivuta, zomwe zimalemera ndi zithunzi za anthu atavala zitenje zamaluwa ambiri. Ndipo poti tatchula anthu, nkhope ya munthu musaipange stika musanamufunse, ikangotuluka pa gulupu imayenda mafoni ambirimbiri ndipo simungaibweze.

Mukafuna paketi ya gulu pamafunika mastika osachepera atatu, osapitirira 30, ndi kachithunzi ka pachikuto ka 96 ndi 96 kosaposa 50 KB. Ife tinaonjezera MSONKHANO ndi TAKUMBUTSA, yachiwiriyi ya angongole, yomwe asungichuma akuti yawapepukitsira ntchito poti kulemba dzina la munthu pagulu kumadzetsa mkangano. Amene gulu lanu lili pa Telegram, kumeneko stika imalandiridwa PNG kapena WebP mbali imodzi ikhale 512 ndendende, mumaitumiza kwa `@Stickers`, akaunti ya Telegram yopangira mastika, ndipo ali ndi timaimoji topanga nokha ta 100 ndi 100. Pa WhatsApp imoji yanuyanu kulibe, ndi stika basi.

Musanaiponye pa gulupu itumizeni kaye kwa munthu mmodzi wa foni yaing'ono yotsika mtengo, ayang'ane foni ili yoyera, asinthe ikhale yakuda ayang'anenso. Yathu ulendo woyamba pa foni yakuda panaoneka kachidutswa kobiriwira pansi pa denga la nkhokwe, tinabwerera ku PNG ija n'kukachotsa. Kenako asungichuma anaitumiza kugulu, aliyense anaidina n'kusankha `Add to Favorites`.