Msuzi si ndiwo: mawu a namwino kwa amayi oyembekezera pa tsiku la sikelo

Amayi, khalani pansi kaye, sikelo sithawa. Amene muli kumbuyoko senderani kuno kumthunzi. Tisanayambe kuyeza ndikufuna tikambirane za mbale yanu ya dzulo madzulo. Ndikafunsa kuti munadyera chiyani, ambiri mumayankha kuti nyemba. Ndikafunsanso kuti nyemba zake zinali zochuluka bwanji, mumaseka n'kuyang'ana pansi. Kusekako ndimakumva, chifukwa inenso ndinakulira m'mudzi. Mwagawira abambo, mwagawira ana, mlendo nayenso wapezeka, ndiye inu mwatsala ndi mphika. M'mphikamo muli msuzi ndi tinyemba towerengeka. Mwasunsa mitanda itatu ya nsima, mwakhuta, mwagona. Kukhuta mwakhutadi, koma mwana ali m'mimbayo wagona ndi njala ya mtundu wina.

Kusukulu tinkaphunzira kuti pali zakudya zopatsa mphamvu, zoteteza ku matenda ndi zokulitsa. Chimene chimakulitsa m'zakudyamo kuchipatala timachitcha mapuloteni. Ndiwo amaumba mnofu wa mwana, ndiwonso amamanga nsengwa imene mwanayo amadyera. Chiberekero chanu chikukula, mawere akukonzekera kuyamwitsa, magazi akuchuluka m'thupi, ndipo zonsezi zikufuna mapuloteni omwewo. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene ali pachithunzi chapakhomapo, awiri ndiwo ali ndi mapuloteni ambiri: gulu la nyemba ndi gulu la zanyama. Ndipo zanyama si ng'ombe yokha ayi. Usipa, matemba, dzira, ngumbi ndi chambiko zonse zili m'gulu lomwelo.

Muyeso wake ndi uwu. Mayi wolemera makilogalamu 55 akakhala kuti alibe pakati amafunika magalamu pafupifupi 45 a mapuloteni pa tsiku. Miyezi itatu yoyamba ya pakati muyesowu susintha kwenikweni. Miyezi itatu yapakatikati muonjezepo magalamu ngati 10. Koma kuyambira mwezi wachisanu ndi chiwiri, pamene mwana akunenepa mofulumira, pamafunika kuonjezapo ngati 30, kufika 75 pa tsiku. Palibe amene ali ndi sikelo ya magalamu kukhitchini, ndiye tiziyeza ndi kapu komanso dzanja.

Ndikupatseni chitsanzo cha mtsikana wina amene ankabwera pano, dzina sinditchula. Pakati pake panali pa miyezi isanu ndi iwiri. Atakwera sikelo, nambala inali yomweyo ya mwezi wathawo, pomwe pa nthawi imeneyi timayembekezera kuti mayi azikwera ndi kilogalamu imodzi ndi theka kapena awiri mwezi uliwonse. Malungo tinayeza, analibe. Ndinakhala naye pansi kuti andiuze zonse zimene anadya dzulo lake. M'mawa tiyi ndi mbatata. Masana nsima ndi mpiru wa tomato. Madzulo nsima ndi msuzi wa nyemba uja ndanena. Titawerengera, zonse pamodzi zinali pafupi ndi magalamu 40, ndipo ambiri mwa iwo anachokera mu nsima momwemo, poti chimanga nachonso chili nawo mapuloteni pang'ono. Ankaperewera ndi magalamu 35 tsiku lililonse, chonsecho iye ankati amadya katatu ndipo amakhuta.

Sindinamuuze kuti akagule nyama, ndalama yake akanaitenga kuti? Ndinamufunsa zimene zili m'nyumba. Anati mtedza ulipo thumba limodzi losasenda, nyemba zilipo ndowa, ndipo tsiku la msika amakwanitsa mulu wa bonya. Basi tinayambira pomwepo. M'mawa, phala la mgaiwa lothira nsinjiro dzanja limodzi lodzaza, zimene zimapereka magalamu ngati 7. Masana, nyemba zophika kapu imodzi yodzaza, nyemba zenizeni osati madzi ake, magalamu ngati 15. Madzulo, usipa kapena bonya wouma dzanja limodzi, amenenso ndi magalamu ngati 15. Taphatikizani: 7 ndi 15 ndi 15 ndi 37. Dzenje lija lakwiririka popanda kupha nkhuku. Tsiku limene nsomba palibe, mazira awiri amapereka 12, ndipo masamba akatenderedwa bwino amatseka potsalapo. Mwezi wotsatira singano ya sikelo inasuntha.

Koma chimene chinasintha kwambiri kwa mtsikanayu chinali dongosolo logawa ndiwo. Ndinamuuza kuti kapu yake ya nyemba azipatula poyamba, mphika usanapite kwa ena. Anachita manyazi, akuti apongozi adzati ndi wadyera. Tinachita kuwaitana apongoziwo limodzi ndi mwamuna wake, n'kuwafotokozera. Abambo amene mwaperekeza akazi anu lero, mwachita bwino, ndipo mawu awa ndi anu: chipande choyamba cha ndiwo chizipita kwa mayiyu.

Mwina wina afunsa kuti, ngati nsima ili nawo mapuloteni, bwanji osangoonjezera mitanda? Mapuloteni ali ngati nyumba yofuna njerwa zamitundumitundu. Chimanga chili ndi zina koma chimaperewera mtundu wina wofunika kwambiri pa kukula, ndipo mtundu umenewo ngwochuluka mu nyemba, khobwe, nandolo, nzama ndi soya. Nyembanso zili ndi pomwe zimaperewera, pamene chimanga chimakwaniritsa. Zikakumana m'mimba tsiku lomwelo, thupi limapeza zokwanira zomangira. Nsima yokha ngakhale mudye mitanda isanu, njerwa yosowayo isowabe. Kwa inu odya kondowole nkhani ndi yaikulu kuposa apa, chifukwa chinangwa chili ndi mapuloteni ochepetsetsa. Kondowole popanda nsomba kapena nyemba zokwanira ndi kungodzaza mimba. Ndipo paufa, mgaiwa umaposa ufa woyera, poti pokonola ndi poviika mphale zabwino zina zimapita ndi madeya kukadyetsa nkhumba.

Tsopano soya, amene ambiri mumalima koma mumagulitsa yense kwa mavenda. Pa mbewu zonse za gulu la nyemba, soya ndiye ali ndi mapuloteni ochuluka, kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake. Vuto lake ndi lakuti wosapsa ali ndi zinthu zolepheretsa thupi kugaya mapuloteniwo, ndipo amatupitsa m'mimba. N'chifukwa chake ena mumati soya amakudwalitsani. Kakonzedwe kake nkotere. Sankhani, petani, koma musamutsuke ndi madzi ozizira, chifukwa ndi pamene amatulutsa fungo lija loipa. Wiritsani madzi afike pobwadamuka, kenako muzithira soyayo pang'onopang'ono kuti madzi asaleke kuwira. Awire kwa mphindi 30. Mukatero khuthulani madziwo, mutikite ndi manja kuti makoko achoke, muyanike padzuwa mpaka aume gwa. Ena amangokazinga mpaka afiirire ndi kununkhira ngati mtedza, nazonso n'zotheka bola apse mpaka m'kati. Popita kuchigayo, makapu anayi a chimanga, kapu imodzi ya soya. Ndi muyeso womwewo wa Likuni Phala amene mumamudziwa. Ufa umenewu mutha kuphikira phala, kuumbira chigumu, ngakhale kuthira m'masamba m'malo mwa nsinjiro. Musagayitse wochuluka nthawi imodzi, chifukwa soya ali ndi mafuta ndipo ufa wake suchedwa kununkha. Wa milungu iwiri kapena itatu ndi wokwana.

Mtedza nawo uli ndi msampha wake, chuku. Mtedza wofota, wakuda m'kati, wowawa kapena wonunkha chinyontho uli ndi poizoni amene satha ndi kukazinga kapena kuphika, ndipo amawononga chiwindi. Chimandipweteka n'chakuti wabwino timagulitsa, wotsalira pansi pa lichero uja ndi amene timasinja nsinjiro zodya tokha. Tayani umenewo. Komanso lekani kuwaza madzi pa mtedza kuti usavute kusenda, chinyezi chimenecho ndicho chimaitana chuku.

Za tinsomba ting'onoting'ono sindichulutsa, mumatidziwa. Idyani ndi mitu yomwe ndi minga yomwe, muli zolimbitsa mafupa ndi zoonjezera magazi. Mukamatsuka mchenga musativiike nthawi yaitali. Mulu ukachepa moti sungakwane banja lonse, kazingani, sinjani ukhale ufa, muzithira masupuni awiri m'masamba anu kapena m'phala. Mvula yoyamba ikagwa ngumbi zimatuluka zaulere. Kazingani, yanikani, sungani m'chigubu chotseka bwino, zidzakuthandizani mu Januwale ndi Febuluwale pamene ndiwo zimavuta.

Ndafika pa dzira, ndipo ndikuona agogo kumbuyoko akugwedeza mutu. Tinauzidwa kuti wapakati akadya mazira mwana amabadwa wopanda tsitsi. Agogo, ndi ulemu wonse, ana ndawalandira ambiri m'chipinda icho. Ena amabadwa ndi tsitsi lodzaza, ena mutu uli mbee, ndipo sizitsata kuti mayi ankadya mazira kapena ayi. Tsitsi limatsata kumtundu. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6 a mapuloteni amene thupi limagwiritsa ntchito pafupifupi onse. Ngati muli ndi nkhuku zitatu zoikira, siyirani imodzi kapena ziwiri zifungatire, mazira a inayo akhale anu. Lamulo ndi limodzi: liphikidwe mpaka chikasu cha m'kati chilimbe. Laliwisi ayi. Mkaka wa ng'ombe kapena wa mbuzi nawonso uziwiritsidwa kaye.

Palinso mantha ena amene simunena mokweza, akuti mukadya bwino mwana akula kwambiri ndipo mudzavutika pochira, mwina mpaka kukachitidwa opaleshoni. Nyemba ndi usipa sizikulitsa mwana mopyola muyeso. Amene amatisowetsa tulo kuno ndi mwana wobadwa wosakwana makilogalamu awiri ndi theka. Amazizidwa msanga, amayamwa mofooka, matenda samuchedwa kumugwira. Mayi wodzimana chakudya nayenso amafika tsiku lochira alibe mphamvu, magazi ali ochepa.

Ena mwandiuza kuti nyemba zimakupatsani mpweya ndi chilungulira, makamaka mimba ikakula. Ziviikeni usiku wonse, m'mawa mutaye madziwo, muphike ndi madzi atsopano mpaka zifewe zedi. Nkhuninso mupulumutsa. Zikakuvutanibe, chotsani makoko muphike chipere. Kapu ija simukakamizidwa kuimaliza nthawi imodzi, theka masana, theka chakumadzulo, ndipo musagone mutangodya. Tiyi musamwere pa chakudya kapena pa mapiritsi oonjezera magazi amene timakupatsani, chifukwa amatsekereza ayironi kulowa m'thupi. Mapiritsiwo pitirizani kumwa, chakudya sichilowa m'malo mwake.

Chenjezo limodzi musanaimirire. Mukaona nkhope ndi manja zatupa, mutu ukupweteka kwambiri, kapena maso akuchita chidima, musanene kuti ndi kuchepa kwa zakudya n'kuyamba kudzithandiza ndi nyemba kunyumba. Kumeneko kungakhale kuthamanga kwa magazi, ndipo kumapha mayi ndi mwana. Bwerani tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Chimodzimodzi amene mukusanza chilichonse chimene mwadya.

Lero aliyense akakwera sikelo tiyerekeza ndi nambala ya mwezi watha m'buku lake, ndipo tiyezanso mkono ndi kalamba kaja. Amene nambala yake yaima ndikhala naye pambali, andiuze zimene zili m'nkhokwe mwake, tiwerengere limodzi monga tinachitira ndi mtsikana uja. Mwezi wamawa alangizi a zaumoyo adzaonetsa kakonzedwe ka soya panja pano, ndiye amene muli naye mudzabwere ndi kapu imodzi. Tiyambe ndi a miyezi isanu ndi inayi, mabuku m'manja.