Ntchito ya munthu woyenda pa wilicheya ku Salima

"Ndimayenda pa wilicheya, ndamaliza fomu 4 kuno ku Salima, ndisankhe ntchito yanji?"

Aise, yamba walemba zomwe thupi lako limatha, ukhoza kukhala maola angati osatopa, manja amagwira bwanji. Ngati manja ali bhobho, za akaunti, telala kapena kukonza mafoni nzabwino, zogwira utakhala pansi. Kenako funsa ku TEVETA za kosi, koma usalipire fizi usanapite wekha kukaona malowo, usamve za pafoni. Yesa chitseko cha toileti ngati wilicheya ikulowa, ambiri amaika rampu kutsogolo koma kutoileti kuli masitepe, ndiye tsiku lonse uzingodziletsa kumwa madzi ndi kutentha kwa kuno? Onanso njira, mchenga wa ku Senga Bay umamiza matayala. Pa intaviyu nena zenizeni, tebulo lokwera loti mawondo alowe ndi ofesi ya pansi, akalonjeza alembe mu kontrakiti.