Mmene mungadziwire ngati uthenga wokulamulani kulipira msonkho ndi weniweni

Chaka chatha ndinataya K85,000 chifukwa cha uthenga umodzi wa pafoni. Unkati golosale yanga ili ndi ngongole ya msonkho ku MRA, ndipo ndikapanda kulipira pofika 4 koloko madzulo adzatseka sitolo. Chichokereni tsiku limenelo, uthenga wotere ukabwera ndimachita izi.

Choyamba, musadine linki iliyonse ndipo musayankhe. Onani kumene uthengawo wachokera. Imelo ya bungwe la MRA imathera ndi @mra.mw, ndipo tsamba lawo ndi www.mra.mw. Ikathera ndi @gmail.com, kapena wina wawonjezerapo kachilembo, nkhani yathera pomwepo. Chizindikiro cha MRA pa chithunzi cha WhatsApp chisakunyengeni, mwana wa Fomu 2 akhoza kuchikopera.

Chachiwiri, dzifunseni kuti ndi msonkho uti, wa mwezi uti. Misonkho ili ndi mayina ndi masiku ake. PAYE yomwe mwadula pa malipiro a antchito imaperekedwa pofika pa 14 mwezi wotsatira, VAT pofika pa 25. Ngati simunalembetse VAT koma uthenga ukunena za ngongole ya VAT, pali chinachake. Wanga uja unkangoti "msonkho wotsalira", osatchula mtundu kapena chaka, koma mantha anandiphimba m'maso.

Chachitatu ndi pamene ndinagwera m'mbuna. Sindinathamangire kulipira ayi, ndinati ndiyambe ndatsimikiza. Koma ndinatsimikiza poimba nambala yomwe inali mu uthenga womwewo! Anayankha bambo waulemu wake, nkunditchulira dzina la bizinesi yanga ndi TPIN yanga, nambala yomwe MRA imandidziwira ngati wolipira msonkho, osaphonya nambala ngakhale imodzi. Mtima unakhala pansi. Ndinati munthu wamba angaidziwe bwanji TPIN yanga?

Angaidziwe mosavuta. TPIN si chinsinsi. Imalembedwa pa malisiti ndi mainivoisi omwe timapereka kwa makasitomala, pa makoteshoni, ngakhale pa mapepala omwe timasiya kojambulitsa. Wotola lisiti imodzi m'bini ali kale ndi dzina lanu, TPIN ndi nambala ya foni. Choncho munthu akakutchulirani zimenezi, ndiye kuti waona pepala lanu basi.

Bamboyo anapitiriza kuti ngongole yonse ndi K340,000, koma poti ndaimba msanga andithandiza: nditumize K85,000 yokha kuti "aimitse fayilo". Nditalemba nambala yomwe anandipatsa, pafoni panatuluka dzina la munthu. Ndinafunsa, iye nkuti ndi la wosunga ndalama wa ofesi yawo. Ndinalowetsa PIN. Pofika mawa lake nambalayo sinkapezekanso.

Lero ndimaimba nambala yomwe ndaipeza ndekha, pa tsamba la MRA lomwe ndalemba ndekha adiresi yake, kapena pa kalata yakale yomwe ndinalandira ku ofesi. Ngati muli pafupi, pitani nokha. Ku Blantyre kuli Msonkho House, ndipo ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi m'maboma ena kuli maofesi. Minibasi yopita ndi kubwera ndi yotchipa kuposa zomwe ndinataya. Lowani mkati mwenimweni mpaka pa kauntala. Madobadoba okudikirirani pageti ndi mawu oti "bwana, tikufulumizitsireni" alekeni, chifukwa mukawapatsa mapepala anu mwapereka zonse zomwe wakuba amafuna.

Chachinayi, lowani mu Msonkho Online, tsamba la MRA la olipira msonkho, ndi pasiwedi yanu, muone ngati ngongoleyo ikuoneka pa akaunti yanu. Ngati mulowera pa kompyuta ya munthu wina, tulukanimo bwinobwino mukatha, ndipo musalole kuti isunge pasiwedi. Amene muli ndi wokuwerengerani ndalama, mufunseni, koma akuonetseni pa sikirini, osangoti "zili bwino".

Ngongole ikapezeka kuti ndi yoona, malipiridwe ake ndi otere: mumatulutsa PRN, nambala yolipirira msonkhowo, mu Msonkho Online, nkukalipira kubanki pogwiritsa nambalayo, ndalama nkulowa mu akaunti ya MRA. Palibe msonkho wolowera pa Airtel Money kapena Mpamba ya munthu, ndipo palibe wantchito amene angakuchotsereni ngongole pafoni chifukwa mwaimba msanga. Sungani lisiti.

Ngati mwatumiza kale, imbirani kampani ya foni yanu nthawi yomweyo ndalamazo zisanatapidwe kwa ejenti, jambulani uthengawo, mukanene kupolisi, mudziwitsenso MRA. Ine ndinachedwa ndi tsiku lathunthu, ndipo zanga sizinabwerere.