Mbewu, nyengo ndi dothi: chomwe chimapangitsa Cabernet wina kununkha zipatso, wina girini pepa

Alimi anzanga, funso lomwe ndimakumana nalo kawirikawiri kwa anthu omwe akufuna kulima mphesa za vinyo wofiira ndi loti, kodi mbewu yabwino kwambiri ndi iti? Ine ndimayamba ndawafunsa kaye za munda wawo, chifukwa mbewu payokha siyankha funso limeneli. Mtundu wa mphesa umabwera ndi zake zobadwa nazo, nyengo ndi imene imalamula kuti zipatsozo zipsa mpaka pati, pomwe dothi limagwira ntchito yake mwakachetechete kudzera mmadzi ndi kutentha komwe mizu ikupeza. Kuti timvane bwino tiyeni tingotenga mbewu imodzi, Cabernet Sauvignon, tiyende nayo mpaka mu tambula.

Cabernet Sauvignon ndi mwana wa Cabernet Franc ndi Sauvignon Blanc, izi anazitsimikiza akatswiri a ku yunivesite ya California ku Davis mu 1997 atayeza chibadwa cha mbewuyi. Zipatso zake ndi zing'onozing'ono, khungu lake ndi lokhuthala, njere ndi zambiri poyerekeza ndi madzi omwe ali mkati. Ndiye popeza mtundu wofiira wa vinyo umachokera mkhungu, ndipo tanini amachokera mkhungu ndi mnjere, vinyo wake amakhala wakuda bii komanso woumitsa mkamwa. Tanini ndi uja amapangitsa kuti mukameza vinyo nkhama ndi lilime zikhale ngati zauma, lilime kumakhakhala. Kumeneku sikuwawasa ayi, kuwawasa ndi ntchito ya asidi, ndipo ndibwino muzolowere kusiyanitsa ziwirizi mukamalawa chifukwa zimakuuzani nkhani zosiyana za munda wanu.

Koma chobadwa nacho chomwe chimavutitsa alimi kwambiri ndi ichi: Cabernet amachedwa kupsa, ndipo akakhala kuti sanapse bwino amakhala ndi kamankhwala kena kotchedwa pirazini, komwe kamapezekanso mu girini pepa. Mphuno ya munthu imakamva kamankhwalaka olo katakhala kochepetsetsa, moti kakangochuluka pang'ono vinyo yense amamveka masamba osaphika. Pirazini amachuluka mchipatso chikadali chobiriwira, kenako amayamba kutsika mphesa zikayamba kuyezuka, apa ndikutanthauza nthawi ija zimafewa nkuyamba kusintha kuchoka kobiriwira kupita kofiira. Chomwe chimathandiza kuti asachuluke ndi kuwala kwa dzuwa pa matsango komanso mpesa womwe sukukula mopyola muyezo. Ndipo akalowa mu vinyo basi walowa, kofululira kulibe njira yapafupi yomuchotsera, mpake ndimati nkhondo ya pirazini imamenyedwera kumunda.

Tsopano nyengo. Mpesa umayamba kukula kutentha kukapitirira madigiri 10, ndiye pali kawerengedwe kosavuta komwe alangizi amagwiritsa ntchito: mumatenga kutentha kwapakatikati kwa tsiku, nkuchotsapo 10, zotsalazo nkumaziphatikiza tsiku ndi tsiku kwa miyezi isanu ndi iwiri ya nyengo yakukula. Mwachitsanzo mwezi wa masiku 30 omwe kutentha kwake kwapakatikati ndi madigiri 20 ukupatsani 300. Malo omwe zonse pamodzi sizikufika pa 1,400 amawerengedwa kuti ndi ozizira, kumeneko mtundu wa mphesa wa Pinot Noir yemwe amapsa msanga amachita bwino, koma Cabernet nthawi zambiri chisanu kapena mvula zimamupeza asanamalize.

Kutentha kumachita zinthu ziwiri nthawi imodzi mkati mwa chipatso, shuga amakwera pomwe asidi amatsika, makamaka usiku ukamakhala wofunda chifukwa chipatso chimagwiritsa ntchito asidi wina ngati chakudya chake. Shuga uja ndi amene yisiti amamusandutsa mowa, pafupifupi magalamu 17 a shuga pa lita imodzi amapereka 1 peresenti ya ukali. Ndiye malo ofunda ngati Napa ku California, Cabernet amatuluka waukali, nthawi zambiri 14 peresenti kapena kuposerapo, wosawawasa kwambiri, fungo lake la zipatso zakuda zakupsa bwino. Ku Bordeaux mdziko la France komwe nyanja imafewetsa nyengo, Cabernet yemweyo amakhala wowawasako, tanini wake wolimba, ndipo chaka chozizira kafungo ka masamba kamamveka. Koma musaganize kuti kutentha kukachuluka ndiye kuti zonse zili bwino. Chipatso chikamatenthedwa kupitirira madigiri 35 mtundu wofiira umavutika kupangika, shuga amathamanga kusiya njere zisanakhwime, mapeto ake mumapeza vinyo wotentha pakhosi, wonunkha ngati jamu, koma tanini wake akadali wowawa.

Pa dothi mpomwe ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa mpomwe anthu ambiri amasokonezeka. Mudzamva ena akunena kuti vinyo uyu akumveka miyala chifukwa mpesa unamera pa miyala. Zoona zake nzoti mizu siyamwa kukoma kwa mwala nkukakuika mchipatso. Chomwe dothi limachita ndi kulamula kuchuluka kwa madzi omwe mpesa ukumwa, kuchuluka kwa naitrojeni, ndi kufunda kwa pansi pomwe pali mizu, ndipo zinthu zitatuzi ndi zomwe zimasintha kukoma.

Bordeaux yemweyo akutiphunzitsa bwino. Kumeneko mvula imagwa yambiri ndithu, pafupifupi mamilimita 900 pa chaka, yomwe kwa mphesa za vinyo ndi yochuluka. Kudera la Médoc kuli timitunda ta nsangalabwi zomwe mitsinje inasiya kalekale, madzi sakhalitsa pamenepo, dothi limafunda msanga ndipo miyala ija imasunga kutentha kwa masana, ndiye Cabernet amapeza mpata womaliza kupsa. Mukawoloka mtsinje kupita ku madera a Pomerol ndi Saint-Émilion ku Bordeaux komweko mupeza makande ambiri ndi mwala wa laimu, dothi lozizirirapo komanso losunga chinyezi, ndipo alimi akumeneko amadalira kwambiri mtundu wa mphesa wa Merlot yemwe amapsa sabata imodzi kapena ziwiri Cabernet asanapse, komanso Merlot sakondwa ndi ludzu. Thambo ndi limodzi lomwelo, koma dothi lasankha mbewu.

Tiyerekeze kuti muli ndi munda pa chitunda mdera la nyengo ngati imeneyi, kumtunda kuli miyala ndi mchenga, kumunsi kuli makande akuya achonde, ndipo mwadzala Cabernet ponseponse tsiku limodzi. Chaka chachinayi kapena chachisanu mudzaona kusiyana ndi maso. Kumtunda madzi amayamba kuchepa mphesa zitatsala pang'ono kuyezuka, mphukira zimasiya kutalika, mpesa nkutembenuzira mphamvu zake ku zipatso, ndipo zipatsozo zimakhala zazing'ono, khungu lambiri madzi ochepa. Kumunsi mpesa ukungosangalala, mphukira zikutalikabe, masamba akulu obiriwira bii kuphimba matsango moti kuti muone chipatso mpaka mulowetse mkono, mkatimo muli chinyezi ndipo tsango lina layamba kale nkhungu. Tsiku lokolola mukayeza shuga mwina kumtunda mupeza 24 pa sikelo ya buriksi, omwe angapereke ukali wa pafupifupi 14 peresenti, pomwe kumunsi muli pa 21, ukali wa 12 basi. Mukatafuna chipatso cha kumtunda njere zake ndi zofiirira, zimaphwanyika khirichi ngati mtedza wokazinga, pomwe za kumunsi zikadali zobiriwira, zowawa, ndipo khungu likukupatsani girini pepa uja pompo mkamwa. Mukasakaniza zonsezi mu thanki imodzi ndiye kuti mphesa za kumunsi zaononga ntchito yonse ya kumtunda.

Chinthu ichi chimandiwawa ndikachiona, chifukwa mlimi amakhala atadikira zaka, chonsecho dzenje limodzi akanakumba asanadzale likanamuuza. Kumbani maenje akuya mita imodzi ndi theka mmalo angapo a munda, makamaka pomwe mtunda ukusintha, muone pomwe miyala yathera, pomwe makande ayambira, ndipo mukaona dothi lotuwa la mawangamawanga dziwani kuti madzi amakhazikika pamenepo nyengo ya mvula.

Nanga ngati munadzala kale? Kolani zigawo ziwirizo padera, chimenecho ndi choyamba ndipo sichifuna ndalama. Kumunsi kuja siyani kuthira feteleza wa naitrojeni, dzalani udzu pakati pa mizere kuti uzilimbirana madzi ndi mpesa, ndipo thotholani masamba omwe aphimba matsango. Nthawi yake ndiyofunika kwambiri: thotholani zipatso zitangomanga, zikadali tating'ono ngati nsawawa, chifukwa mukadikira mpaka zitayezuka pirazini amakhala atadzadza kale ndipo phindu lake limachepa. Kumalo otentha thotholani mbali yomwe imalandira dzuwa la mmawa yokha, mbali ya dzuwa la masana musiye masamba ateteze zipatso zisapserere. Ngati mwayesa zonsezi kwa zaka ziwiri zitatu koma vinyo akununkhabe masamba, ine malangizo anga ndi oti mulumikize Merlot pa zitsa zomwezo, mmalo molimbana ndi dothi chaka ndi chaka.

Pali kachizindikiro kamodzi komwe ndimakonda kuonetsa alimi poyenda mmizere. Gwirani nsonga ya mphukira muone tizingwe tija mpesa umagwirira pa waya. Ngati tizingweto tatalika kupitirira nsonga ndipo tili tolimba, mpesa ukukulabe, madzi ndi ambiri. Ngati tafupika ndipo timasamba tapansonga tayamba kuphimba nsongayo, kukula kwaima, ndipo pa nthawi yoyezuka izi ndi zomwe mukufuna. Koma ngati nsonga yauma, masamba a mmunsi achita chikasu nkumayoyoka, zipatso zikufota, apo ludzu lapyola, mpesa watseka timabowo topumira ta masamba ake ndipo shuga waima, ngati muli ndi mthirira thirirani pang'ono msanga.

Ndipo musatenge nkhani ya nsangalabwi ngati lamulo la paliponse. Miyala imathandiza ku Médoc chifukwa kumeneko vuto ndi mvula yambiri ndi kutentha kongokwanira. Kudera lotentha louma miyala yomweyo ikhoza kuumitsa mpesa nkupsereza zipatso, ndipo kumeneko dothi losungako madzi ndi lomwe lingakupatseni Cabernet wabwino. Ku Coonawarra mdziko la Australia Cabernet amachita bwino pa dothi lofiira losaya lomwe lakhala pamwamba pa mwala wa laimu, palibe nsangalabwi, koma ntchito yake ndi yomweyo, madzi satsakamira ndipo mpesa umapeza ongokwanira kuti umalize kupsa.