Dzina lalakwika pa satifiketi ya MSCE: mmene mungalembere a MANEB muli kunja

Ambiri amazindikira kuti dzina lawo linalembedwa molakwika pa satifiketi tsiku limene mapepala akufunika mwachangu. Kumudzi satifiketi imangokhala mu sutikesi, ndipo abwana akaiona safunsa zambiri chifukwa amadziwa kuti Chirwa ndi Chilwa nthawi zambiri amakhala munthu mmodzi. Kunja sizitero. Amene amaunika maphunziro a anthu obwera, monga a SAQA ku Joni, a UK ENIC ku Mangalande kapena a WES ku Amereka ndi ku Canada, amaika satifiketi pambali pa pasipoti n'kumafananitsa chilembo ndi chilembo. Zikasiyana amafuna umboni, ndipo pempho lanu likhoza kuima mpaka mutaupereka.

Amene angakonze dzinalo ndi amene anapereka satifiketiyo, a MANEB ku Zomba. Koma musanagwire cholembera, dziwani bwino chimene mukupempha, pakuti nkhani yonse yagona pamenepa. Kukonza dzina ndi kusintha dzina n'zosiyana. Kukonza ndi pamene dzina lanu lakhala lomwelo kuyambira kale koma wina anaphonya polemba: "l" m'malo mwa "r", "h" wosowa pa Thokozani, Madalitso wosanduka Madaliso. Kusintha ndi pamene munalemba mayeso ndi dzina lina, tinene la amalume amene ankakulipirirani fizi, ndipo lero mukufuna la bambo anu, kapena munakwatiwa n'kutenga la amuna anu. Bungwe la mayeso lililonse limachita tcheru ndi pempho lachiwirili, ndipo n'zomveka, chifukwa ndiyo njira imene munthu angatengere satifiketi ya mnzake. Ngati vuto lanu ndi dzina la ukwati, palibe cholakwika pa satifiketi. Chikalata cha ukwati ndicho chimalumikiza maina awiriwo, ndipo muzingochipereka pamodzi ndi satifiketiyo.

Tiyerekeze mayi wina, timutche Thokozani Chirwa, amene akugwira ntchito yosamalira okalamba ku Johannesburg ndipo akufuna kulowa koleji ya unamwino. Analemba JCE mu 2012 ndi MSCE mu 2014. Pasipoti ikuti Chirwa, chiphaso cha unzika chikuti Chirwa, koma satifiketi ya MSCE ikuti Chilwa.

Choyamba asonkhanitse mapepala ake onse n'kuwayala malinga ndi zaka. Mapepala amphamvu pa nkhani iyi ndi amene analipo mayeso asanalembedwe: satifiketi ya JCE, ya sitandade 8, malipoti a kusukulu, khadi la ubatizo, khadi la kusikelo ngati makolo anasunga. Ziphaso za unzika zinayamba kuperekedwa kwa anthu onse mu 2017, choncho chiphaso cha Thokozani n'chatsopano poyerekeza ndi satifiketi ya 2014. Chimasonyeza dzina limene akugwiritsa ntchito lero, koma sichisonyeza limene ankadziwika nalo ali Fomu 4. Satifiketi ya JCE ndiyo mboni yabwino koposa, popeza inachokera ku MANEB komweko. Iwo eni analemba Chirwa mu 2012, n'kudzalemba Chilwa patapita zaka ziwiri. Amene munali Fomu 2 pa zaka zimene JCE inaimitsidwa, isanabwererenso mu 2021, mudalire ya sitandade 8 ndi mabuku a kusukulu.

Poyala mapepalawo nthawi zina mumapeza kuti satifiketi ndiyo yolondola, yolakwika ndi pasipoti. Zikatero kalata yanu isapite ku Zomba. Nkhaniyo ndi ya ofesi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko ndi a NRB, amene amapereka ziphaso za unzika.

Chachiwiri ndi sukulu, ndipo apa ndi pamene anthu a kunja amafuna kudumpha chifukwa cha kutalika kwa mtunda. Musadumphe. Maina a olemba mayeso amafika ku MANEB kudzera kusukulu, ndipo mwina mukukumbukira tsiku limene munaitanidwa kukaona dzina lanu pa mndandanda n'kusaina. Ndiye ahedi a pasukulu pamene munalembera ndiwo angathandize kupeza pamene cholakwikacho chinalowera. Ngati kaundula wa sukulu ndi mndandanda wa mayeso zikuti Chirwa, kuphonyaku kunachitika pambuyo pake ndipo mlandu wa Thokozani ndi wopepuka. Ngati mndandanda ukuti Chilwa ndipo iye anasainira pomwepo, nkhani yakula pang'ono. Pamenepo asabise. Anene kuti sanaone kusiyanako, ndipo ahedi atsimikize kuti m'kaundula wolembera ana polowa Fomu 1 muli Chirwa. Kalata ya ahedi ikhale pa pepala la sukulu, yosainidwa, yokhala ndi chidindo ndi deti, ndipo itchule nambala ya mayeso. Ahedi a lero sangakhale omwe aja a 2014, koma zimenezo zilibe kanthu, chifukwa amatsimikiza zimene zili m'mabuku, osati nkhope yanu. Amene munalemba ngati wapadera, funsani kusukulu kumene munakalembera mayesoko.

Tsopano kalata yeniyeniyo. Makalata a ku maofesi a boma timalemba m'Chingerezi, ndipo pa envelopu pamakhala motere:

The Executive Director
Malawi National Examinations Board
P.O. Box 191
Zomba

Pano ndaika m'Chichewa zimene kalata ya Thokozani inganene, kuti muone kayalidwe kake:

"Bwana,

PEMPHO LOKONZA DZINA PA SATIFIKETI YA MSCE YA 2014

Ndinalemba mayeso a MSCE mu 2014 pa sukulu ya sekondale ya …, nambala ya malo olembera …, nambala yanga ya mayeso …. Nambala ya satifiketi ndi …. Ndinabadwa pa ….

Pa satifiketiyo dzina langa linalembedwa THOKOZANI CHILWA. Dzina lolondola ndi THOKOZANI CHIRWA. Cholakwika ndi chilembo chachinayi cha dzina la makolo, pamene pali L m'malo mwa R. Sindinasinthepo dzina. Satifiketi ya JCE imene bungwe lanu linandipatsa mu 2012, nambala ya mayeso …, ili ndi dzina lolondolali.

Ndikupempha kuti mukonze dzinali m'kaundula wanu ndi kundipatsa chikalata cha dzina lolondola. Ngati malamulo anu salola kusindikizanso satifiketi, ndikupempha kalata yotsimikiza kuti Thokozani Chilwa wa nambala imeneyi ndi Thokozani Chirwa ndi munthu mmodzi. Chonde mundidziwitse ndalama zoyenera kulipira, njira yolipirira, fomu iliyonse yofunika kulemba, ndiponso ngati mukufuna satifiketi yeniyeniyo.

Panopa ndili ku South Africa. Ndapatsa mphamvu mlongo wanga, …, wa chiphaso nambala …, kuti apereke ndi kulandira mapepala m'malo mwanga.

Ndaphatikiza mafotokope otsimikizidwa a satifiketi ya MSCE, ya JCE, pasipoti ndi chiphaso cha unzika, komanso kalata ya ahedi, kalata yolumbira ndi kalata yopatsa mphamvu.

Ine wanu, …"

Kalatayi ndi ya tsamba limodzi ndipo isapitirire pamenepo. Woilandira akufuna kutsegula kaundula wa chaka chimenecho n'kukupezani, ndiye manambala ndiwo ofunika kuposa kufotokoza mavuto a kuchilendo. Maina onse awiri alembedwe m'zilembo zazikulu, ndipo kalatayo itayipidwe, chifukwa zolemba pamanja zikhoza kubala cholakwika china pamwamba pa choyambacho. Osaloza chala munthu. Simukudziwa amene anaphonya, ndipo ngakhale mukanadziwa, dzina silikonzeka ndi mkwiyo.

Ndime yopempha kalata yotsimikiza ija ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa zonse. Mukapempha satifiketi yatsopano yokha, yankho likhoza kungokhala lakuti ayi, inu n'kutsala chimanjamanja. Mukatchula njira yachiwiri, mwapatsa ofesiyo china chimene ingathe kuchita. Komanso onani mawu akuti "m'kaundula wanu". Ounika maphunziro kunja amatha kufunsa ku bungwe la mayeso kuti litsimikize zotsatira zanu, choncho pepala lokonzedwa silithandiza ngati m'kaundula mukadali dzina lolakwika.

Kalata yolumbira ndi imene mumanena pamaso pa wolumbiritsa anthu kuti maina awiriwo ndi anu. Ilembedwe ndi inu mwini, kumene muliko, osati m'bale wanu kumudzi, chifukwa munthu salumbira m'malo mwa mnzake. Ku Joni kulumbira ndi kutsimikiza mafotokope zimatheka ngakhale ku polisi, ku Mangalande mumapita kwa loya. Popeza mapepalawo akukagwira ntchito ku Malawi, ndi bwino kufunsa ku ofesi ya kazembe wathu, ku Pretoria, ku Johannesburg kapena ku London, ngati angadinde iwo. Mu kalata yolumbirayo mulembe zomwezo zili mu kalata yopita ku Zomba, madeti ndi manambala osasiyana.

Za satifiketi yeniyeni, musaitumize mpaka atakuuzani kuti akuifuna. Akaifuna, yambani mwaijambula mbali zonse ndi kupanga mafotokope otsimikizidwa angapo, kenako muitumize ndi kampani yonyamula makalata imene imapereka nambala yolondolera katundu. Kupatsira dalaivala wa basi kapena mnzanu amene akupita kumudzi n'kotchipa, koma ikatayika mudzakhala ndi mavuto awiri. Wachibale wanu akakapereka mapepala ku Zomba atenge fotokope ya kalatayo kuti amudindire deti lolandirira, ndipo alembe dzina la ofesi imene wasiya mapepalawo. Mukamadzafunsa pamene nkhani yafika, mudzatchule deti limenelo ndi nambala ya mayeso. Ndalama zilipiridwe mmene a MANEB anenera ndipo pakhale risiti. Wina akakuuzani kuti ali ndi munthu wake mkati ndipo mutumize ndalama pa foni yake, mukaneni. Pepala lochokera njira imeneyo silidzagwirizana ndi kaundula, ndipo likagwidwa kunja mlandu wake ndi wa satifiketi yachinyengo, umene ungakutayitseni ntchito ndi chilolezo chokhalira m'dzikomo. N'chimodzimodzi kufufuta chilembo nokha, kaya ndi cholembera kaya pa kompyuta.

Podikira yankho, Thokozani asakhale chete ndi amene akufuna satifiketiyo. Alembere a koleji ndi ounika maphunziro, anene yekha za kusiyanako iwo asanakuone, aphatikize kalata yolumbira, satifiketi ya JCE ndi fotokope ya kalata yodindidwa ku Zomba ija, n'kufunsa ngati zimenezi zikukwanira kuti pempho lake lipitirire. Pa mafomu awo alembe dzina monga lilili pa pasipoti, ndipo pamene afunsa maina ena amene anadziwika nawo, aikepo Chilwa. Chikalata chokonzedwa chikafika, wachibale achijambule asanachoke pa ofesi n'kutumiza pa foni, kuti mwini wake awerenge dzina, chaka, nambala ya mayeso ndi magiredi a phunziro lililonse chisananyamuke ku Zomba.