Osatentha dambo la udzu mochedwa: moto wa Okutobala ndi wina

Ngati mukuyenera kutentha malo a udzu wautali ndi mitengo yapatalipatali, chitani mvula itangosiya, udzu usanaumiretu. Kumwera kwa ikweta nthawi yake ndi Meyi kapena Juni. Thyolani phesi la udzu mulipinde. Likapindika ndipo m'munsi mwake muli kobiriwira, yatsani. Likathyoka kuti thwa, mwachedwa.

Lambulani kaye mpata wa mamita 5 kuzungulira malowo, muyatse madzulo mphepo itazizira, moto uziyenda molimbana ndi mphepo. Mame a usiku amauzimitsa okha.

Chifukwa chake n'chakuti udzu wa m'malo otere sufa m'chilimwe. Chakudya chake umachibisa m'mizu, ndipo maso ophukira ali pansi penipeni, moto wofatsa umangowadutsa pamwamba. Mitengo ikuluikulu ili ndi makungwa ochindikala, koma timitengo tosafika mamita 2 tilibe chitetezo chotere. Moto wa Okutobala, udzu utauma gwa, umatipsereza mpaka pansi, ndipo timayambanso kuphukira pachitsa chaka ndi chaka osakula.

Musatenthe ponse. Siyani zigawo zina, chifukwa ndimo mbalame zoikira mazira pansi, afulu ndi ana a agwape amabisala, komanso udzu wouma ndiwo nyama zidzadye mpaka mvula igwe. Msipu wophukira pa lupsa umakoka nyama zambiri, kotero kachigawo kotenthedwako kakachepa kwambiri zimakadya mpaka mizu kutopa.

Mukamaliza onani phulusa. Lakuda, zitsinde za udzu zikuoneka, moto unali wabwino. Loyera ngati ufa, nthaka yapsa.