Bulawuni yekhayekha koma osaoneka ngati yunifomu

Ukwati wa msuweni wanga ku Dedza anati tonse a kuchikazi tivale bulawuni. Ine ndinagula nsalu imodzi mamita 4, telala nkusoka siketi ndi bulauzi, kuyesa pagalasi eee ndimangooneka ngati thumba la mbatata, osadziwika pomwe bulauzi yathera ndi pomwe siketi yayambira.

Vuto silinali mtundu ayi, linali loti nsalu ndi imodzi, kuwala kofanana paliponse ndiye diso limasowa popumira. Siketi ndinaisiya momwemo chifukwa ndi ya kotoni wokhuthala wosawala, bulawuni wakuda ngati khofi. Bulauzi ija ndinaichotsa nkupeza ina pa kaunjika ya satini yoterera, yowalirapo ngati tiyi wamkaka. Poti Juni kuno kumazizira zosaseka ndinaponyapo juzi yoluka ya ulusi waukuluukulu, bulawuni wapakati, nsapato ndi lamba zachikopa.

Apa mpomwe ndinaphonyanso, mpango woyamba unali bulawuni wopita kofiira pomwe zina zonse zikupita kuchikasu, m'nyumba zimaoneka bwinobwino koma nditatuluka padzuwa zimakangana, mpango kuoneka ngati wa munthu wina. Ndiye ndinayala zonse pa mkeka panja masana, chomwe chikukana anzake nkuchotsa, mpango ndinabwereka wa achemwali.

Chowala chikhale chimodzi basi, ndinayesa kuonjeza chikwama chonyezimira achemwali anangoti iwe chotsa icho wafanana ndi pepala la switi.